Kayironi wabwerera pamalo pamene ndinabadwira, koma sindikudziwa nyumba yake

Nangozo:
Moni nonse a pagulu lino. Ndinabadwa pa 20 Marichi 1975, ndipo nditalemba tsikuli papulogalamu yojambulira tchati chakubadwa, chimene chimasonyeza pamene dzuwa, mwezi ndi mapulaneti zinali pa nthawi imene munthu anabadwa, ndinapeza kachizindikiro kooneka ngati kiyi, kolembedwa kuti Chiron, kali pakati pa madigiri 22 ndi 23 m'chizindikiro cha Nkhosa, chimene pakompyuta chimaoneka kuti Aries. Ndawerenga kuti Kayironi amasonyeza bala lakale la mumtima, komanso kuti munthu akamakwanitsa zaka 50 Kayironi amabwerera pamalo pamene anali tsiku limene munthuyo anabadwa. Chaka chino cha 2025 chandikumbutsa zinthu zimene ndinkayesa kuti ndinazikwirira kalekale. Bambo anga anamwalira mu 1990 ndili ndi zaka 15, achibale awo anatenga katundu yense mpaka makina osokera a mayi, ndipo sukulu ndinalekera Fomu 2. Vuto langa ndi lakuti nthawi yeniyeni imene ndinabadwa sindiidziwa. Malemu mayi anga ankangonena kuti kunali m'mamawa. Ndikalemba 4 koloko pulogalamu ikuika Kayironi m'nyumba yachiwiri mwa nyumba 12 zimene tchati chimagawidwamo, ndikalemba 6 koloko ikumuika m'nyumba yoyamba. Kodi ndiwerenge tanthauzo liti?

Chisale:
Mayi Nangozo, pepani ndi zimene munakumana nazo. Ine ndikuona kuti musavutike ndi nyumba, chifukwa chachikulu ndi chizindikiro. Kayironi ndi pulaneti limene limazungulira dzuwa kwa zaka 50, choncho limakhala zaka zinayi m'chizindikiro chilichonse, ndipo Agiriki akale ankaligwiritsa ntchito popenda matenda. Kayironi wa mu Nkhosa amatanthauza munthu amene anapwetekedwa pa nkhani ya kudziimira payekha, amene amaopa kunena kuti "ine ndilipo, ndipo ichi nchanga". Zimene mwafotokozazi zikugwirizana ndi tanthauzo limeneli.

Mayi Nasibeko:
A Chisale, tanthauzo la Nkhosa mwalinena monga momwe mabuku ambiri amalinenera, koma pali zinthu ziwiri zofunika kukonza, ndipo zonse zikukhudza funso la Mayi Nangozo.

Agiriki akale sankamudziwa Kayironi wa kuthamboyu, ankadziwa nthano yokha. Chinthu chimene tikuchiona patchatichi chinatulukiridwa ndi katswiri wa zakuthambo Charles Kowal pa 1 Novembala 1977, pazithunzi zojambulidwa ku Palomar m'chigawo cha California ku America. Si pulaneti. Kukula kwake ndi makilomita pafupifupi 200 okha kuchoka mbali ina kufika mbali ina, sichioneka ndi maso, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri anaona kuti chayamba kutulutsa mpweya ndi fumbi ngati nyenyezi yamchira. Izi zikutanthauza kuti pamene inu Mayi Nangozo munkabadwa, panalibe wopenda nyenyezi ngakhale mmodzi padziko lapansi amene akanaika Kayironi patchati chanu. Malo ake a mu 1975 anachita kuwerengeredwa pambuyo pake, ndipo kuwerengerako nkodalirika chifukwa anapezekanso pazithunzi zakale mpaka za mu 1895.

Chachiwiri ndi nkhani ya zaka zinayi. Njira ya Kayironi si yozungulira bwino ngati mphete, ndi yotalika ngati dzira. Akayandikira dzuwa amalowa mkati pang'ono mwa njira ya Satuni ndipo amathamanga, akatalikira amakafika pafupi ndi njira ya Yuranasi ndipo amayenda pang'onopang'ono. Anayandikira kwambiri dzuwa mu 1996, ndipo nthawi imeneyo anadutsa chizindikiro cha Sikelo m'zaka zosakwana ziwiri. Mu Nkhosa ndi mmene amachedwa kwambiri, pafupifupi zaka zisanu ndi zitatu. Analowamo mu 1968 ndipo anatulukamo kotheratu mu 1977. Ndiye taganizirani, pafupifupi munthu aliyense wobadwa m'zaka zimenezo, kaya ku Dedza kaya ku Tokyo, ali ndi Kayironi mu Nkhosa. Tanthauzo limene likukwanira anthu onsewo silingafotokoze nkhani ya makina osokera a mayi anu. Nchifukwa chake openda nyenyezi amene amagwira ntchito mosamala amayang'ana nyumba, ndiponso ngodya zimene Kayironi amapanga ndi dzuwa, mwezi kapena mapulaneti apafupi. Funso lanu lili pamalo oyenera.

Chisale:
Ndavomera za 1977, ndinasokoneza nthano ndi chinthu cha kuthambocho. Koma sindikuvomereza kuti chizindikiro chilibe ntchito. Mbadwo wonse ukhoza kukhala ndi bala lofanana.

Mayi Nasibeko:
Alipo olemba amene amaganiza ngati inu, ndipo amawerenga chizindikiro cha Kayironi ngati nkhani ya mbadwo. Ine sindikukana zimenezo. Ndikungonena kuti sizingayankhe munthu amene akufunsa za moyo wake.

Tiyeni tione tchati cha Mayi Nangozo pang'onopang'ono. Pa 20 Marichi dzuwa linali kumapeto kwenikweni kwa chizindikiro cha Nsomba, ndipo Kayironi anali madigiri pafupifupi 23 kutsogolo kwake pamndandanda wa zizindikiro, kutanthauza kuti tsiku limenelo dzuwa ndilo linayamba kutuluka kum'mawa, Kayironi nkubwera pambuyo. Thambo limatembenuka pafupifupi digiri imodzi pa mphindi zinayi zilizonse, ndipo nyumba yoyamba imayambira pamene thambo lakumana ndi dziko chakum'mawa nkupita pansi. Ngati munabadwa cha m'ma 4 koloko, kudakali mdima, Kayironi anali kutali pansi, m'nyumba yachiwiri. Ngati munabadwa kukuyera kapena dzuwa likutuluka, anali atakwera kufika m'nyumba yoyamba. Koma pali nyumba inanso imene simunaiyese. Patatha pafupifupi ola limodzi ndi theka dzuwa litatuluka, Kayironi nayenso anatuluka, ndipo chilichonse chimene changotuluka kum'mawa chimakhala m'nyumba ya 12. Mawu a mayi anu akuti m'mamawa akukwanira nyumba zitatu zonsezi.

Nyumba yachiwiri amaiwerenga kuti ndi ya katundu, ndalama ndi mmene munthu amaonera phindu lake, choncho bala la pamenepo ndi mantha a kusowa kapena kudziona ngati wosayenera kukhala ndi kanthu. Nyumba yoyamba ndi ya thupi ndi mmene munthu amaimira pamaso pa anthu, ndipo bala lake ndi manyazi a kuonekera. Nyumba ya 12 ndi ya zobisika, chisoni chimene sichinanenedwe, ndi mitolo imene munthu amasenza m'malo mwa banja lonse.

Gondwe:
Ndikupempha kuti ndilankhule monga munthu amene sakhulupirira kuti nyenyezi zimasonyeza moyo wa munthu, ngakhale kuti ndimawerenga zokambirana za pano mwaulemu. Mayi Nangozo, werenganinso matanthauzo atatu amene Mayi Nasibeko alemba. Munalandidwa katundu, ndiye nyumba yachiwiri ikukwana. Munachotsedwa pasukulu anzanu akuona, ndiye nyumba yoyamba ikukwana. Munakwirira nkhaniyi kwa zaka 35, ndiye nyumba ya 12 ikukwananso. Ngati yankho lililonse likukwana, palibe chimene tchati chakuuzani chimene simunkachidziwa kale. Palibe umboni wa sayansi wosonyeza kuti malo a Kayironi amagwirizana ndi zochitika pa moyo wa munthu. Komanso tanthauzo la bala linachokera ku dzina. Chinthucho anachitcha Kayironi chifukwa chili pakati pa Satuni ndi Yuranasi, ndipo m'nthano Kayironi ndi mwana wa Kuronosi, amene Aroma ankamutcha Satuni, ndiponso mdzukulu wa Yuranasi. Akanachipatsa dzina lina, bwenzi lero tikukambirana tanthauzo lina.

Mayi Nasibeko:
A Gondwe, pa mfundo ya dzina mukunena zoona, ndipo openda nyenyezi oona mtima sabisa zimenezi. Ena mwa iwo amayankha kuti dzina silibwera mwangozi, koma chimenecho ndi chikhulupiriro, si umboni, ndipo sindingakukakamizeni kuchilandira. Ndiwonjezere kuti mawu akuti mchiritsi wovulala anatchuka kale kudzera mwa Carl Jung, Kayironi wa kuthambo asanatulukiridwe. Olemba monga Zane Stein wa ku America, ndi Melanie Reinhart amene anabadwira ku Zimbabwe ndipo anatulutsa buku lake la Kayironi mu 1989, anatenga nthano ndi maganizo a akatswiri a za maganizo a anthu nkuyamba kuziyerekeza ndi matchati a anthu amene ankawathandiza. Mwambo umenewu sunakwanitse ngakhale zaka 50, ndipo mpaka pano sagwirizana ngati Kayironi ali ndi chizindikiro chimene amachilamulira, ena amati Namwali, ena amati Woponya Mivi, ena amati palibe.

Mfundo yanu yoyamba ndi imene ikundichititsa kukana chinthu chimene anthu ambiri amachita, chosankha nthawi yobadwira potengera tanthauzo limene lawakhudza mtima. Munthu akasankha 4 koloko chifukwa nyumba yachiwiri ikufanana ndi mbiri yake, kenako nkumadabwa kuti tchati chalondola, wadzinamiza yekha.

Bambo a Tadala:
Ine Kayironi wanga ali m'nyumba yachisanu ndi chimodzi, imene amati ndi ya matenda, ndipo nthawi yanga yobadwira ndi yolembedwa pakhadi la kuchipatala. Bondo langa lakumanzere lakhala likupweteka kwa zaka zitatu. Ndinamva kuti m'nthano Kayironi analasidwa pamwendo. Kodi zikutanthauza kuti bondoli silidzachira, ndiye ndisavutike nkupita kuchipatala? Ndinabadwa mu 1996, choncho zaka 50 zili kutali kwambiri kuti ndidikire.

Gondwe:
Bambo a Tadala, chonde pitani kuchipatala sabata ino. Bondo limene lapweteka zaka zitatu pa msinkhu wanu liyenera kuonedwa ndi dokotala.

Mayi Nasibeko:
Pamenepa ine ndi a Gondwe tili mbali imodzi. Tchati sichipima matenda ndipo sichinena kuti chiwalo chakuti chidzachira kapena ayi. Ngakhale olemba amene amakhulupirira kwambiri Kayironi amawerenga nyumba yachisanu ndi chimodzi monga nkhani ya mmene munthu amasamalirira thupi lake ndi ntchito za tsiku ndi tsiku, mwachitsanzo chizolowezi chopirira ululu mwakachetechete kwinaku ukusamalira ena. Ngati pali chimene chikukukhudzani pamenepo, ndi zaka zitatu zimene mwakhala mukupirira.

Popeza mwatchula nthanoyi, ndiifotokoze bwino chifukwa anthu amaidula pakati. Kayironi anali munthu kuyambira m'chiuno kupita kumtunda, ndipo kumunsi anali kavalo. Mayi ake, Filira, atamuona chonchi anamukana, ndipo anaphunzitsidwa ndi Apolo. Ankakhala kuphanga paphiri la Peliyoni ku Girisi, kumene anaphunzitsa Akilesi ndi Yasoni, komanso Asikilepiyo amene Agiriki ankamulemekeza monga mulungu wa zamankhwala. Kenako muvi wa Herakulesi, umene unaviikidwa m'magazi apoizoni a chilombo chotchedwa Haidira, unamulasa mwangozi. Mankhwala onse amene ankawadziwa analephera, ndipo popeza sakanatha kufa, ululuwo unalibe mapeto, mpaka pamene anapereka moyo wake wosafawo posinthana ndi Purometiyasi, Zeu nkumuika pakati pa nyenyezi.

Chimene ndimafuna kuti anthu aone ndi chakuti m'nthanoyi muli mabala awiri. Loyamba ndi kukanidwa pobadwa, lachiwiri ndi muvi wochokera kwa bwenzi amene sanafune kumupweteka. Ndipo Kayironi anali kale sing'anga ndi mphunzitsi muvi usanamulase. Choncho mawu otchuka akuti bala lako ndilo limakupanga mchiritsi sakuchokera m'nthano mwachindunji, ndi kamasulidwe ka masiku ano. Ine ndimakayika nako kamasulidwe kameneka, chifukwa ndaona anthu akuuzidwa kuti nkhanza zimene anachitiridwa zinali mphatso. Mayi Nangozo sanafunikire kulandidwa katundu kuti akhale munthu wachifundo.

Nangozo:
Zikomo kwambiri Mayi Nasibeko chifukwa cha mawu omalizawo. Kwa zaka khumi ndakhala ndikuperekeza amayi amasiye kwa amfumu ndi kumaofesi pa milandu ya katundu wa amuna awo, ndipo munthu wina atamva za Kayironi wanga anandiuza kuti ndiyenera kuthokoza zimene zinandichitikira. Ndinapsa mtima koma ndinasowa poyankhira. Ndimadziwa kulankhulira anzanga molimba mtima, koma mpaka lero sindinapondeko kumudzi kwa bambo anga, ndipo manda awo sindinawaone chiikireni maliro. Kodi pali china chimene ndingaone patchati chimene sichidalira ola lobadwira?

Mayi Nasibeko:
Chilipo, ndipo ndi zaka. Kayironi amayenda pang'ono kwambiri pa tsiku limodzi moti digiri yake siisintha kaya munabadwa 4 koloko kaya 8 koloko. Openda nyenyezi amayang'ana nthawi zinayi pa ulendo wake: akafika madigiri 90 kuchokera pamene anali pobadwa panu, akafika madigiri 180 nkuyang'anizana ndi malowo, akafika madigiri 270, ndi pamene wabwerera. Kwa inu, malo a madigiri 90 ndi cha pa digiri 22 ya Nkhanu, pamene Kayironi anadutsa mu 1990 ndi 1991. Kuyang'anizana kunachitika mu Sikelo chakumapeto kwa 1996 muli ndi zaka 21. Malo achitatu ndi mu Mbuzi mu 2004 muli ndi zaka 29. Kubwerera koyamba kunachitika cha kumayambiriro kwa Epulo chaka chino. Kumapeto kwa Julayi Kayironi anaoneka ngati waima pa digiri 27 nkuyamba kubwerera m'mbuyo, zimene zimachitika chifukwa dziko lathu limamupitirira pozungulira dzuwa, ndipo kumayambiriro kwa Januwale 2026 adzaimanso pakati pa madigiri 22 ndi 23, pamalo anu enieniwo. Nchifukwa chake kubwerera kwa Kayironi amakuwerenga ngati nyengo ya miyezi yambiri, osati tsiku limodzi lokumbukira kubadwa.

Zaka zimenezi sizifanana kwa aliyense, chifukwa cha njira yotalika ija. Bambo a Tadala, amene anabadwa Kayironi akuthamanga mu Sikelo, anakumana ndi ngodya yoyamba ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, pamene inu munakumana nayo muli ndi zaka 15 kapena 16. Kubwerera kokha ndiko kumafika kwa aliyense pa zaka 50 kapena 51.

Chisale:
Mwaonatu a Gondwe! Chaka cha 1990 ndi chomwe bambo awo anamwalira. Kodi zimenezi nazonso ndi mwangozi?

Gondwe:
A Chisale, ndikuona chifukwa chake zikukhudza mtima, ndipo sindikupeputsa imfa ya bambo awo. Koma aliyense wobadwa kumayambiriro kwa 1975 anakumana ndi ngodya imeneyo m'zaka zomwezo, ndipo ambiri mwa iwo bambo awo sanamwalire. Komanso tikutenga zaka ziwiri zathunthu pa msinkhu wa zaka 15 ndi 16, pamene pafupifupi munthu aliyense ali ndi chinachake chowawa chimene angakumbukire. Tisasankhe chaka chimene chagwirizana nkusiya zinazo. Mayi Nangozo, ngati mungalole, tiuzeni za 1996 ndi 2004.

Nangozo:
Ndiyankha moona. Mu 1996 ndinabereka mwana wanga woyamba ndipo ndinamutcha dzina la bambo anga, koma anabadwa mu Febuluwale, osati chakumapeto kwa chaka. Za 2004 ndaganiza usiku wonse ndipo sindikukumbukira chilichonse chapadera. Ndinkagulitsa kaunjika pamsika ndipo chaka chinadutsa ngati zina zonse. Za chaka chino ndanena kale, koma ndiyeneranso kunena kuti mayi anga anamwalira chaka chatha, ndiye mwina ndi chimene chatsegula zakalezi.

Mayi Nasibeko:
Yankho lanu ndi lamtengo wapatali kuposa likanakhala logwirizana paliponse. Chimodzi chagwirizana, china chaphonya ndi miyezi ingapo, chachitatu palibe. Ena angafutukule malire kuti Febuluwale alowemo, kapena angakuuzeni kuti mu 2004 munachitika chinthu cha mumtima chimene simunachizindikire. Ine sindichita zimenezo, chifukwa ndi njira imene a Gondwe akuidandaula. Ndivomerezenso kuti pa zaka 50 anthu ambiri amakhala akuika makolo awo m'manda, ana akuchoka pakhomo, thupi likusintha, choncho nkovuta kulekanitsa zimene amati ndi za Kayironi ndi zimene msinkhuwo umabweretsa wokha.

Pamene ndimasiyana ndi a Gondwe ndi pa ntchito ya tchati. Kwa ine sichilosera. Ndi njira yofunsira mafunso amene munthu sakanadzifunsa, ndipo funso la Kayironi ndi lakuti, ndi pati pamene umathandiza ena mosavuta koma iwe mwini umalephera kudzithandiza. Munaliyankha nokha pamene munanena za amayi amasiye ndi manda a bambo anu.

Gondwe:
Funso limenelo ndi labwino, koma munthu wa uphungu kapena mnzake wapamtima akanalifunsa popanda nyenyezi. Pamenepa sitigwirizana, ndipo ndikuganiza kuti tisiyire pomwepo. Mayi Nangozo, ngati chisonichi chikukulepheretsani kugona kapena kudya, ndikupempha kuti mulankhule ndi mlangizi wophunzitsidwa bwino pambali pa zimene tikukambirana pano.

Nangozo:
Ndamva, a Gondwe, ndipo mwana wanga wakhala akunena zomwezo. Mayi Nasibeko, ndakumbukira kuti azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, analipo tsiku limene ndinabadwa. Iwo sanatenge nawo katundu, koma sananenenso kanthu, ndipo sitinalankhulane kuyambira 1990. Ali moyo, akalamba kwambiri. Ndikapita, ndikawafunse chiyani kwenikweni kuti nthawi idziwike?

Mayi Nasibeko:
Musawafunse ola, chifukwa adzangotchula nambala kuti akusangalatseni. Afunseni ngati nyale inali yoyaka, ngati atambala anali atalira, ngati anthu anali atapita kale kumunda, ndiponso ngati dzuwa linali litafika pakhonde. Akanena kuti kunali mdima wandiweyani, ndi nyumba yachiwiri. Akanena kuti kunkayera kapena dzuwa linkangotuluka, ndi yoyamba, malinga ngati pulogalamu yanu ili pa njira yogawira nyumba yotchedwa Placidus, chifukwa mukasankha Whole Sign malire amasuntha ndipo nthawi ya kuyera kwa kunja imagweranso m'nyumba yachiwiri. Akanena kuti dzuwa linali litakwera ndipo anthu anali atamwa kale phala, ndi ya 12. Muonetsetsenso kuti nthawi papulogalamu ili pa UTC+2, imene ndi nthawi ya kwathu kuno. Ndipo ngati sakukumbukira, nyumbayo ingokhala yosadziwika.

Nangozo:
Ndalemba mafunso anayiwo m'kope. Ulendo wa kumudziko ndi wa maola asanu pa basi, ndipo ndamupempha mwana wanga kuti tidzapitire limodzi sukulu zikatsekera mu Disembala. Manda ali kuseri kwa nyumba ya azakhaliwo, kutsidya kwa dambo.